Msambo Wochuluka Chiyambireni: Magazi a Mtsikana Ayezedwe Liti?

Mu 1924, makolo ena a ku zilumba za Åland m'dziko la Finland anatengera mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu kwa dokotala Erik von Willebrand. Mwanayo ankakha kamfuno pafupipafupi, ndipo akangotemeka pang'ono magazi ankachedwa kuleka. Abale ake ena obadwa nawo bere limodzi anali atamwalira kale chifukwa chotaya magazi. Dokotalayo anafufuza banja lonse, ndipo mu 1926 analemba kuti awa ndi matenda akumtundu, osiyana ndi hemofiliya, ogwira amuna ndi akazi omwe. Mtsikana uja anakula mpaka kutha msinkhu, koma anamwalira ndi msambo wake wachinayi. Lero matendawa amatchedwa ndi dzina la dokotalayo, ndipo mwa matenda onse otengera kwa makolo olepheretsa magazi kuundana, ndi amene ali ofala kwambiri.

Kwathu kuno mtsikana akatha msinkhu amalangizidwa za ukhondo, za ulemu ndi za kusunga chinsinsi. Koma ndi azakhali kapena anankungwi angati amene amamuuza mlingo wa magazi umene uli woopsa? Iye sanaonepo msambo wa munthu wina, ndiye amaganiza kuti aliyense amatero. Akadandaula, mayi ake amati, “Ifenso timatero, ndi zakumtundu.” Mawuwa amanenedwa pofuna kutonthoza mwana, komatu kwa dokotala ndi chizindikiro chachikulu, chifukwa mayiyo akhoza kukhala ndi vuto lomwelo asakudziwa.

Achipatala amati msambo wachuluka ngati ukupitirira masiku 7, ngati padi kapena nyanda ikudzaza pasanathe maola awiri mobwerezabwereza, ngati pakutuluka magazi oundana aakulu kuposa chotsekera botolo la zakumwa, kapenanso ngati mtsikana akudzuka usiku kukasintha koma zofunda n'kuthimbirirabe. Nthawi zambiri gwero lake si loopsa: m'zaka zoyambirira thupi limakhala lisanakhazikike pa kutulutsa dzira mwezi ndi mwezi, choncho chiberekero chimatha kutaya magazi ambiri mosalongosoka. Komabe mwa atsikana amene amafika kuchipatala ndi vutoli, pafupifupi mmodzi mwa asanu amapezeka kuti magazi ake saundana bwino. Kukayikira kumakula ngati kuchulukako kunayamba ndi msambo woyamba weniweniwo ndipo sikunasinthe.

Titenge chitsanzo cha mtsikana wa zaka 14, wa Fomu 1, amene anayamba kusamba chaka chatha. Msambo wake umatenga masiku 9, ndipo masiku atatu oyamba sapita kusukulu. Akumva chizungulire, akakwera kamtunda pang'ono amapuma mwabefu. Kuchipatala amuyeza malungo, sanapezeke. Hemogulobini yake ili pa 8, pomwe imayenera kufika 12. Apatsidwa mapiritsi a ayironi n'kubwerera kwawo. Ayironiyo ndi wofunikadi, koma funso la kumene magazi akuthera silinafunsidwe. Kuno kuchepa kwa magazi timafulumira kukuloza ku malungo, njoka za m'mimba, likodzo kapena kadyedwe, ndipo mtsikana wamanyazi sangayambitse yekha nkhani ya msambo pamaso pa dokotala wamwamuna.

Apa ndi pamene kholo liyenera kulankhula, ndipo lipite litakonzeka. Kodi mwanayu amakha kamfuno kopitirira mphindi 10? Amatuluka magazi m'nkhama akamatsuka mkamwa? Amapezeka ndi mikwingwirima asanadzigunde? Atazulidwa dzino, magazi analeka msanga? Mufufuzenso kumtundu, mbali zonse ziwiri, chifukwa matendawa amachokera kwa bambo kapena kwa mayi: alipo amene anataya magazi ambiri pochira mpaka kuwonjezeredwa ena? Alipo mnyamata amene magazi anavuta kuleka pa mdulidwe? Mayankho amenewa ali ndi mphamvu yofanana ndi zotsatira za kulabotale. Kulemba m'kope masiku a msambo ndi kuchuluka kwa mapadi kwa miyezi iwiri kapena itatu kumathandizanso kwambiri.

Kuyeza kumayamba ndi zinthu zapafupi. Amaona hemogulobini ndi chiwerengero cha mapulateleti, timagawo ta magazi timene timathamangira kukatseka bala. Kumene n'kotheka amayeza feritini, yomwe imasonyeza ayironi wosungidwa m'thupi, popeza ayironi amatha hemogulobini isanatsike. Nthawi zambiri amayezanso ngati pali pathupi. Kholo lisakhumudwe nazo, ndi dongosolo chabe. Kenako amaona nthawi imene magazi akutenga kuti aundane, zimene pa pepala la zotsatira zimalembedwa kuti PT ndi aPTT.

Pamenepa ndi pamene ambiri amasocherera. Mtsikana wa matenda a von Willebrand akhoza kukhala ndi mapulateleti okwanira, PT ndi aPTT zili bwinobwino, iye ali ndi matendawo. Chimene chimaperewera kapena kulephera ntchito ndi puloteni ina imene imamata mapulateleti pa mtsempha wong'ambika komanso kunyamula chinthu china choundanitsa magazi chotchedwa fakitala 8. Pamafunika kuyeza kwapadera kwa zinthu zitatu: kuchuluka kwa puloteniyo, mmene ikugwirira ntchito, ndi mlingo wa fakitala 8. Mlingo wa puloteniyi ukakhala pansi pa 30 pa 100, matenda atsimikizika. Ukakhala pakati pa 30 ndi 50, dokotala amaweruza poona mbiri ya kutaya magazi ija.

Vuto lina ndi lakuti puloteniyi siikhala pa mlingo umodzi. Imakwera munthu akakhala ndi mantha, akamadwala, akathamanga, akakhala ndi pakati, ngakhalenso pa nthawi imene akutaya magazi ambiri. Choncho mtsikana wathu uja atayezedwa tsiku limene wagonekedwa m'chipatala ali wofooka, zotsatira zikhoza kuonetsa 60, koma atabwereranso patapita milungu ingapo ali bwino n'kupezeka pa 25. N'chifukwa chake kuyeza kamodzi sikokwanira ngati mbiri ikukayikitsa. Magazi otengedwawo akachedwa panjira kapena akasungidwa molakwika, zotsatira zimatsika mwabodza. Ndipo anthu a gulu la magazi la O mwachibadwa amakhala ndi puloteniyi yocheperako.

Kuyeza kwapaderaku sikuchitika pa chipatala chaching'ono. Njira yake ndi kupempha kalata yotumizira wodwala kuchipatala cha boma, ndipo kuchoka apo ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe kapena Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene madokotala angaone zoyenera kuchita. Koma chithandizo sichidikira zotsatira. Mapiritsi a tiranekisamiki asidi, omwedwa katatu patsiku m'masiku a msambo wochuluka okha, amateteza magazi oundana kuti asasungunuke msanga. Mapiritsi a mahomoni, omwe aja olerera, amachepetsa msambo kwambiri. Kumupatsa mtsikana mapiritsiwa ndi kumuchiza, osati kumulola zachibwenzi, ndipo samutseketsa kubereka. Ayironi apitirize kumwa miyezi itatu ngakhale hemogulobini itabwerera m'malo. Pa ululu wa m'mimba amwe panado: asipulini, bulufeni ndi indosidi zimafooketsa mapulateleti, ndipo zikhoza kuwonjezera kutaya magazi mwa munthu wa matendawa.

Matenda a von Willebrand sachizika, koma wowadziwa amachenjeza dokotala asanazulidwe dzino, asanachitidwe opaleshoni, komanso akayamba sikelo, kuti achipatala akonzekere tsiku lochira. Ndipo ngati mwana wanu akudzaza padi ola lililonse kwa maola angapo, akukomoka, kapena m'maso ndi m'manja mwayera, musadikire kuti msambo uthe. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukanene momveka kuti vutoli linayamba ndi msambo wake woyamba.