Mawu 250 okha: momwe namwino amalembera chidule cha kafukufuku

Namwino akamaliza kafukufuku wake n'kulemba lipoti la masamba 15, magazini ya zachipatala imafuna kuti pamwamba pake aike chidule, chomwe ophunzira amachitchula kuti abusitirakiti. Magazini ambiri salola kuti chipitirire mawu 250 kapena 300. Pa PubMed, pomwe madokotala ndi anamwino amafufuzira nkhani zoterezi, chidulecho chimawerengedwa ulere pamene lipoti lonse nthawi zambiri n'logula. Choncho anthu ambiri amathera pa chidule pomwepo.

Chidule chokhala ndi timitu chinayamba kutchuka mu 1987, pomwe magazini ya Annals of Internal Medicine inachilimbikitsa. Timitu tofala, tomwe timalembedwa m'Chingelezi, ndi Background, Methods, Results ndi Conclusion: vuto lake, njira yofufuzira, zimene zapezeka, ndi tanthauzo lake.

Tiyerekeze kuti namwino wina wafufuza za zilonda zimene odwala amatuluka akagona nthawi yaitali mbali imodzi. Anatsatira odwala 120 m'mawodi awiri. M'wodi yoyamba anamwino ankalemba pa tchati nthawi iliyonse akatembenuza wodwala pa maola awiri alionse, m'wodi inayo munalibe tchati.

Olemba atsopano amagwa pa kamutu koyamba. Amatha mawu 100 akufotokoza kuti zilondazi ndi vuto lalikulu padziko lonse, ngati kuti wowerenga, yemwe naye ndi namwino, sanazionepo. Akafika pa zotsatira malo atha, n'kungolemba kuti tchati chinathandiza kwambiri. Kwambiri bwanji? Mawu 40 amakwana pa vuto ndi cholinga, ndipo 70 amakwana pa njira: kafukufuku wa mtundu wanji, kuti, liti, odwala angati, anasankhidwa motani.

Mawu pafupifupi 100 apite ku zotsatira, ndipo manambala aoneke. Alembe kuti mwa odwala 60 a m'wodi ya tchati, 6 ndi amene anatuluka zilonda (10%), pamene m'wodi inayo anali 15 mwa 60 (25%). Peresenti yopanda chiwerengero cha anthu imasocheretsa, chifukwa 10% ikhoza kukhala munthu mmodzi mwa 10.

Mawu 40 otsalawo ndi a tanthauzo, ndipo apa m'pofunika kudziletsa. Mawodi awiri a chipatala chimodzi sangalankhulire dziko lonse. Komanso odwala sanagawidwe mwamaere, mwina wodi inayo inali ndi okalamba ambiri. N'zoona kunena kuti zilonda zinachepa komwe kunali tchati, koma kunena kuti tchati chimateteza zilonda n'kupitirira umboni.

Chidule chilembedwe pomaliza, lipoti litatha. Mawu akachuluka, dulani ku kamutu koyamba, osati ku zotsatira. Kenaka tengani nambala iliyonse ya m'chidule muifananize ndi matebulo a m'lipoti, chifukwa mkonzi akaona 120 pamwamba ndi 118 mkati amayamba kukayikira ntchito yonse.