Nkhungu, fumbi ndi mvula: mawu oyezera mtunda m'nkhani

Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phiri la Mulanje, ili pa mamita 3,002 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Nambalayi ndi yoona, koma ikaikidwa yokha m'nthano kapena m'nkhani ya ulendo, wowerenga amangoidutsa osaona kanthu. Zimasintha wolemba akati: "Mitambo inali italimanga phirilo m'chiuno, mutu wake n'kumayandama pawokha pamwamba pa minda ya tiyi." Aliyense amadziwa kuti mitambo imakhala kumwamba. Ngati phiri laipitirira, ndiye kuti ndi phiri ndithu, ndipo wowerenga waliyeza ndi maso ake osauzidwa mamita.

Olemba ambiri amatenga nkhungu, mvula ndi fumbi ngati zokometsera chabe, zoti awaze m'ndime yoyamba asanalowe m'nkhani yeniyeni. Komatu mawu amenewa ali ndi ntchito yaikulu kuposa pamenepo. Ndi amene amauza wowerenga kuti chinthu chili patali bwanji, n'chachikulu motani, ndiponso kuti munthu wa m'nkhaniyo ndi wamng'ono bwanji pakati pa zomuzungulira.

Chifukwa chake chili mumpweya womwewu. Pakati pa diso ndi phiri pamayandama timadontho ta madzi, tifumbi ndi utsi. Kuwala kochokera ku chinthu chakutali kumamwazikana panjira kukagunda tinthu timeneti, ndipo mtunda ukamakula, kumwazikanako kumakulanso. N'chifukwa chake mtengo wa pakhomo umaoneka wobiriwira ndi masamba ake onse, chitunda cha kutsidya chimaoneka chosuluka, pamene phiri la kutali limatsala mthunzi wa buluu wopanda mitengo kapena miyala. Leonardo da Vinci, wojambula wa ku Italy amene anamwalira mu 1519, analemba zimenezi polangiza ojambula kuti zinthu zakutali azizipaka utoto wotumbuluka wopita ku buluu. Diso la munthu linazolowera lamuloli kuyambira ubwana, kotero kuti likaona chinthu chosuluka limadziwa lokha kuti chili patali. Wolemba alibe utoto, koma angathe kuchita chimodzimodzi potchula zimene zikuoneka bwino, zimene zikuoneka mwa apo ndi apo, ndi zimene zazimiririka.

Chitsanzo chabwino ndi msewu wa M1 pamene umatsika kuchoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa. Blantyre ali pa mamita pafupifupi 1,000, pamene chigwa cha Shire chili pafupi ndi mamita 100, ndipo msewuwo umatsika mokhotakhota mpaka pa Thabwa usanafike pa mlatho wa Kamuzu. Wolemba wofuna kuonetsa mtsikana akutsika msewu umenewu pa minibasi mu Okutobala akhoza kuyamba motere: "Kunali kotentha kwambiri. Chigwa cha Shire chinali chachikulu zedi ndipo kunali fumbi lambiri." Palibe bodza m'mawuwa. Koma "kwambiri", "zedi" ndi "lambiri" akungouza wowerenga kuti akhulupirire, sakumuonetsa chilichonse, ndipo fumbilo silikudziwika pamene lili.

Ndime yomweyo ikhoza kulembedwanso chonchi: "Pakhota mtsikanayo anasuzumira pawindo. Masamba a m'mbali mwa msewu anali atafiira ndi fumbi, mpaka ankaona mizere pamene mbuzi inadzikhula. M'munsi, lole imene inawapitirira ija inali itasanduka kadontho koyenda, mtundu wake osadziwikanso. Kupitirira apo Shire ankang'anima apa n'kusowa, kung'animanso uko, ndipo kutsidya kwake dziko linasungunukira m'chifunga cha utsi wa lupsa, osadziwika pothera nthaka ndi poyambira thambo."

Liwu loti "chachikulu" mulibemo, komabe chigwacho chakula. Diso layenda masitepe atatu. Pafupi pali mtundu ndi tinthu ting'onoting'ono: kufiira kwa fumbi, mizere ya pamasamba. Pakati pali chinthu chimene wowerenga akudziwa kukula kwake, lole, ndipo yataya mtundu n'kuchepa. Patali patsala kung'anima kokha, kenako chifunga chameza zonse. Loleyo ndiyo msana wa ndimeyi. Itachotsedwa, chifungacho sichingayeze kanthu, chifukwa mtunda umamveka pokhapokha pali chinthu chodziwika chimene chikuchepa kapena kubisika: munthu, ng'ombe, bwato, mlambe, denga la tchalitchi.

Nkhungu imagwira ntchito mosiyana pang'ono. Chifunga cha utsi chimatambasula dziko, pamene nkhungu imalipanikiza. Akatswiri a zanyengo amati ndi nkhungu yeniyeni ngati munthu sakutha kuona kupitirira kilomita imodzi, ndipo m'mapiri a Dedza, Zomba ndi Nyika m'mawa wa Juni imatha kutseka mpaka mamita ochepa okha. Wolemba akaika munthu m'nkhungu yotere, maso a munthuyo atha ntchito, ndiye mtunda uyenera kubwera ndi makutu. Tambala akulira kwina kumunsi, nkhwangwa ikugunda mtengo mbali yosadziwika, mawu a amayi opita kudambo akumveka iwo osaoneka. Wowerenga amamva kuti kunja kuno kuli dziko lalikulu limene munthuyo sakuliona, ndipo mantha kapena kusungulumwa zimabwera zokha popanda kuzitchula.

Mvula ili ndi mawu ambiri ndipo lililonse lili ndi muyeso wake. Mawawa ndi timadontho tochepera theka la milimita, tosagogoda padenga, tongonyowetsa mwakachetechete. Mvumbi ndi wa masiku, umatsekera anthu m'nyumba ndi kuchititsa nkhuni kufuka m'malo moyaka. Chizimalupsa ndi mvula yoyambirira imene imagwa pa tchire lopserera dzinja lenileni lisanafike, ndipo imabwera ndi fungo la dothi. Chiperoni, chimene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, ndi mitambo yotsika, mawawa ndi kuzizira zimene mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imabweretsa ku Mulanje, Thyolo ndi Blantyre pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Wolemba amene wasankha limodzi mwa mawuwa m'malo mongoti "kunagwa mvula" wanena kale mwezi, malo, ndi zimene anthu avala.

Chokoma kwambiri pa mvula ya dzinja n'chakuti imayenda, ndipo munthu amaiona ikubwera. Choyamba imaima ngati chinsalu chotuwa kumapeto kwa dambo. Kenako chitunda chimene chimaoneka chija chimasowa, mphepo imafika ndi fungo, mkokomo umamveka pa malata a mudzi woyandikana nawo, nkhuku zimathamangira pakhonde, ndiye dontho loyamba. Wolemba akatsata ndondomeko imeneyi wasandutsa mtunda kukhala nthawi, ndipo wowerenga amawerenga mothamanga limodzi ndi mayi amene akuanula ufa pamphasa. Bingu nalonso limayeza. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, kotero masekondi atatu pakati pa mphezi ndi kugunda ndi kilomita imodzi. Mwana wa m'nkhani amene akuwerenga chamumtima, mphezi iliyonse n'kumafika pa nambala yocheperapo, wauza wowerenga kuti chimvula chikuyandikira.

Fumbi ndi la zinthu zoyenda. Pa msewu wadothi galimoto imaoneka ndi fumbi lake phokoso lisanamveke, ndipo m'mudzi anthu amayamba kufunsana kuti akubwerayo ndani. Kamvuluvulu akapitirira nsonga ya mlambe atanyamula mapesi ndi mapepala, thambo limatalika.

Cholakwika chofala kwambiri ndicho kusokoneza nyengo, ndipo owerenga a kuno amachigwira msanga chifukwa ambiri ndi alimi. Fumbi lofuka pamsewu pakati pa mvumbi wa Febuluwale silingatheke. Nkhungu ya masana ku Nsanje mu Okutobala ndi nkhungu yobwereka m'mabuku a kumayiko ozizira. Chifunga cha utsi chimakula tchire likamapsa, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula itagwa, kotero sichiyenera kupezeka m'nkhani ya nthawi ya zokolola zoyamba. Kunyanja kulinso msampha wina: ku Nkhata Bay ndi ku Likoma nkhungu ndi dzinanso la tizilombo touluka timene timatuluka m'madzi n'kuima ngati utsi pamwamba pa nyanja. Wolemba woika "nkhungu" panyanja ayenera kuonetsa kuti akunena iti, apo ayi theka la owerenga lidzaona madzi a mumpweya, theka lina chakudya.

China ndicho kuona zosatheka kuoneka. Munthu amene wangouzidwa kuti nkhungu yatseka phiri sangathe m'chiganizo chotsatira kuzindikira maluwa a pa chitenje cha mayi amene ali kutsidya kwa mtsinje. Njira yodziyesera n'njosavuta. Wolemba atenge ndime yake, pa chinthu chilichonse chimene watchula alembe m'mbali kuti chili mapazi angati kapena makilomita angati kuchokera pamene woonayo waima, kenako afunse ngati nyengo imene waikayo ingalole kuchiona mmene wachifotokozera. Ngati zinthu zonse zapezeka pa mtunda umodzi, ndimeyo ndi yafulati ngakhale ikhale ndi nkhungu yochuluka motani.

Kuunjika mawu nakonso kumapha chithunzi. Nkhungu, mame, utsi ndi fumbi zikalowa m'ndime imodzi zimaphimbana, ndipo wowerenga amatsala osadziwa ngati kukuzizira kapena kukutentha. Chimodzi chokha chogwira ntchito pa mitunda iwiri kapena itatu chimakwanira. Pa nkhani zoona za masoka, monga namondwe Freddy amene anagumula mbali za phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023, malire ake ndi okhwima kwambiri. Pamenepo mtolankhani amatchula mvula pofuna kunena pamene madzi ndi matope anafika, pawindo kapena padenga, ndiponso zimene opulumutsa anthu ankalephera kuona. Kukometsera kulikonse kopitirira apo kumapweteka amene anataya abale awo.

Lamulo lomweli limagwiranso ntchito mobwerera. Mvula zoyamba zikatsuka utsi ndi fumbi mumpweya, mapiri amene anasowa kwa miyezi amabwereranso, ndipo kwa munthu amene ali m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, Mulanje limaoneka ngati layandikira, mitsinje yake yoyera ikutsetsereka m'matanthwe. Phirilo silinasunthe. Chachoka ndi chimene chimalisulutsa, ndipo diso limawerenga kuwala koteroko ngati kufupika. Wolemba wofuna kuti munthu wobwerera kwawo amve kuti mudzi wayandikira angachite bwino kumuyendetsa m'mawa wotsatira mvula yotere, n'kumulola kuona zimene dzulo sakanaziona: mzere wa mathithi, denga limodzi la malata likunyezimira m'munsi mwa phiri, ngakhale kuti patsala maola angapo kuti akafike.