Chilembo Chimodzi pa Fomu ya MANEB

Chikondi si Chikonde, ndipo Banda Mphatso si Mphatso Banda. Wophunzira wa Fomu 4 akamalembetsa mayeso a MSCE, dzina limene lapita ku MANEB, ku Zomba, ndi lomwe lidzatuluke pa chiphaso cholowera m'chipinda cha mayeso ndiponso pa setifiketi. Nchifukwa chake dzina la makolo, dzina loyamba ndi tsiku lobadwa ziyenera kufanana ndi zimene zili pa setifiketi ya JCE. Zikasiyana, vuto limadzaonekera mochedwa, pofunsira malo ku koleji kapena ntchito.

Pamaphunziro napo pamagwa anthu. Setifiketi ya MSCE imafuna kukhoza maphunziro 6, kuphatikizapo Chingerezi. Tiyerekeze mtsikana amene walembetsa 6 okha, nalephera masamu: ngakhale akhoze bwino enawo, watsala ndi 5, setifiketi palibe. Akanalembetsa 7 kapena 8, akanakhala ndi pothawira.

Zonse zikalowetsedwa m'kompyuta, sukulu imapereka mndandanda woti aliyense atsimikize. Ambiri amangosaina mothamanga, maso ali kunja. Wophunzira awerenge chilembo chilichonse ndi phunziro lililonse asanasaine, ndipo akaona cholakwika auze mphunzitsi wamkulu tsiku lomwelo.