K19,000 pa Lachisanu: malonda enieni kapena chala chaterereka?

Ntchito yanga ndi kusanthula manambala a malonda, ndipo mabuku ambiri amene ndimaona ndi a timagolosale ta ku Chawama, Kanyama ndi Matero. Funso limene eni ake amandifunsa kawirikawiri ndi la tsiku limodzi limene lasiyana ndi anzake.

Tiyerekeze kuti kagolosale ka ku Chawama kalemba motere pa sabata: K1,800, K2,100, K1,950, K2,000, K19,000, K2,300, K2,050. Ambiri amathamangira kupeza avareji, koma pano avareji ndi K4,457, ndalama imene sanagulitsepo tsiku lililonse. Tsiku lokayikitsalo laikokera m'mwamba. Ine ndimandandalika manambala kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, n'kutenga imene ili pakati: K2,050. Imeneyi sisuntha kwambiri ngakhale tsiku limodzi lilumphe chotani.

Kenako ndimaona kuti tsiku lililonse latalikirana bwanji ndi K2,050, n'kutenganso mtunda wa pakati, womwe pano ndi K100. Ndikauchulukitsa kasanu, n'kuchotsa ndi kuwonjezera zotsatirazo pa K2,050, ndimapeza malire: kuyambira K1,550 mpaka K2,550. Lachisanu lili kutali kwambiri ndi malirewo. Sabata imodzi ndi yochepa. Pa ntchito yeniyeni ndimafuna miyezi iwiri kapena itatu, ndipo kumapeto kwa mwezi, anthu akalandira, ndimakuyerekeza ndi kumapeto kwa miyezi ina.

Masamu amathera pomwepa. Amangoloza tsiku, sanena chimene chinachitika. Choyamba ndimachotsa ziro mmodzi: K19,000 ikukhala K1,900, yofanana ndithu ndi masiku ena. Apa ndayamba kukayikira chala. Koma sindikonza ndisanafunse mashelefu. Malonda a K19,000 amasiya mipata: matumba a ufa atha, mafuta ophikira achepa, ndipo ndalamazo ziyenera kupezeka m'kabati kapena pa foni. Ngati katundu ali chikhalire, ziroyo ndi wongowonjezera.

Kukwera kwenikweni kumakhala ndi mboni. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, kukwera kwa malonda a makandulo kapena makala sikukanandidabwitsa. Kukwera kotere kumaoneka pa katundu wodziwika, kumaonekanso m'mashopu oyandikana, ndipo nthawi zambiri kumapitirira mawa lake. Cholakwika cha polemba chimaima chokha.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi cholakwika chimene malire aja sangachigwire. Wolemba akatembenuza manambala, K2,150 n'kukhala K2,510, tsikulo limadutsa bwinobwino. Chimaonekera pokhapokha powerengera ndalama madzulo: buku ndi kabati zisiyana ndi K360. Kusiyanako kukagawika ndi 9 popanda chotsala, monga pano, yang'anani kaye manambala otembenuzidwa musanakayikire mwana amene amakugulitsirani.

Ndipo musafafanize nambala yoyambayo. Ikhale pomwepo, yokonzedwayo ilembedwe pambali pake pamodzi ndi chifukwa chake. Mukachotsa tsiku limene malonda anakweradi, chaka chamawa nyengo yomweyo mudzaoda katundu wochepa.