Jinja ndi minti pa mutu: zoona zake n'ziti?

Teremu yatha, mtsikana wina wa Fomu 4 pasukulu yathu anatha masiku atatu akumwa tiyi wa jinja ndi mandimu chifukwa cha mutu. Tsiku lachinayi anakomoka m'kalasi. Titamutengera kuchipatala anamupeza ndi malungo. Izi zinandichititsa kufufuza zomwe zikudziwikadi pa mankhwala apakhomowa, popeza inenso ndimawamwa.

Tiyambe ndi jinja. Pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2014, madokotala a ku Iran anayesa anthu 100 odwala mutu waching'alang'ala, uja umagunda mbali imodzi n'kumachititsa mseru. Theka la anthuwo analandira mamiligalamu 250 a ufa wa jinja, omwe ndi kansonga chabe ka sipuni ya tiyi, ndipo enawo analandira mankhwala akuchipatala otchedwa sumatiripitani. Patatha maola awiri, ululu unachepa mofanana m'magulu onsewo. Koma panalibe gulu lopatsidwa mapiritsi opanda mankhwala, choncho n'kovuta kusiyanitsa ntchito ya jinja ndi kuchira kongobwera pakokha. Ku Brazil anayesanso jinja womwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi itatu pofuna kupewa mutuwu, ndipo sanapose mapiritsi opanda mankhwala. Choncho jinja angathandize mutu waching'alang'ala ukangoyamba, makamaka pochepetsa mseru, koma si katemera. Akachuluka amayambitsa chilungulira.

Nanga minti? Chomwe chinayesedwa ku Germany mu 1996 si tiyi wa masamba ake ayi, koma mafuta a mtundu wa pepaminti osungunulidwa: gawo limodzi la mafutawo pa magawo khumi a mankhwala opakawo. Ankawapaka pamphumi ndi m'mbali mwa mutu kwa anthu odwala mutu wamba, uja umamveka ngati wamangidwa lamba. Anathandiza pafupifupi mofanana ndi mapiritsi awiri a Panado. Mafutawa amaziziritsa khungu, ndipo kuzizirako kumaphimba ululu. Asakhudze maso, ndipo asapakidwe pankhope ya khanda kapena mwana wamng'ono, chifukwa angamubanikitse.

Nthawi zambiri wophunzira amene wayenda mtunda wautali padzuwa, m'mimba muli pululu, amapeza bwino akamwa tiyi wa masamba alionse. Chamuchiritsa ndi madzi, shuga ndi kupumula.

Malire ake ndi awa. Mutu wobwera ndi kutentha thupi ukufunika kuyezetsa malungo tsiku lomwelo. Khosi likauma, munthu akayamba kubwebweta kapena kukomoka, kapenanso mutu ukabwera mwadzidzidzi ndi ululu umene simunaumvepo, thamangirani kuchipatala. Mayi woyembekezera amene mutu sukuleka, makamaka akamaona chimbuuzi kapena kutupa nkhope, akayezetse kuthamanga kwa magazi msanga.

Mtsikana uja anachira ndipo walemba mayeso ake. Koma masiku atatu aja akanatha kumutayitsa moyo. Jinja sanalakwe. Tinalakwa ndife, amene tinaona mwana akunjenjemera m'kalasi koma osamufunsa ngati wayezetsa.