Momwe tinasakira ogula maovolosi pa LinkedIn

Alamu anga ndi telala. Ali ndi shopu ku Limbe, makina osokera 6 ndi antchito 5, ndipo chomwe amachidziwa bwino ndi kusoka maovolosi ndi mayunifomu a antchito a m'makampani. Kwa zaka zambiri ntchito ankaipeza poyenda wapansi, atanyamula zitsanzo m'chikwama, n'kumakathera pageti pomwe mlonda amawauza kuti abwana atuluka. Tsiku lina madzulo anandipeza kunyumba nanena kuti, "Alamu, vuto langa si kusoka ayi. Sindidziwa kuti m'kampanimo amene amasaina zogula ndi ndani, ndiye ndingofika n'kumafunsa aliyense."

Ndinawauza kuti tikhale pansi titsegule LinkedIn. Iyi ndi tsamba la pa intaneti pomwe anthu amalembapo ntchito yomwe amagwira, komwe amagwirako ndi komwe anaphunzira. Linayamba m'chaka cha 2003 ku Amereka, ndipo kampani ya Microsoft inaligula mu 2016. Anthu ambiri kwathu kuno amalitenga ngati malo ofunirapo ntchito basi, koma kwa munthu wogulitsa katundu phindu lake lalikulu lili pa zosefera, zomwe pa sikirini zimalembedwa kuti All filters. Ndi zimenezi mumachotsa anthu miyandamiyanda amene mulibe nawo ntchito, n'kutsala ndi ochepa oyenera kuwalembera.

Tisanakhudze kompyuta, ndinawafunsa kuti amakwanitsa kusoka maovolosi angati pa mwezi. Anati akalimbikira amafika 150. Yankho limeneli ndi lomwe linatiuza kukula kwa kampani yoti tiifune. Kampani ya anthu 8 idzaitanitsa maovolosi atatu kapena anayi, osakwanira ngakhale ndalama yoyendera. Kampani ya anthu masauzande nayo imagula kudzera m'matenda, imafuna zikalata zambiri, ndipo ikhoza kuitanitsa katundu woti alamuwo sangamalize pa nthawi yake. Wolingana ndi mphamvu zawo ndi wapakatikati, wa antchito oyambira 51 kufika 200. Nambalazi sindinazipeke ine: LinkedIn imagawa makampani m'magulu okhazikika, 1-10, 11-50, 51-200, 201-500, 501-1,000, kupitirira mpaka gulu la opitirira 10,000, ndipo mumasankha pa magulu amenewa, simulemba nambala yanuyanu.

Apa ndi pomwe ambiri amasokonekera, ndipo n'zomveka. Mukalemba mawu m'kabokosi kofufuzira pamwamba, n'kusankha People, kenako All filters, mupeza zosefera za dera, Locations, za kampani yomwe munthu akugwirako pano, Current company, za mtundu wa bizinesi, Industry, ndi kabokosi ka udindo, Title. Koma muyang'ane mpaka pansi, chosefera cha kukula kwa kampani simuchiona. Chifukwa chake n'chakuti udindo ndi wa munthu, amaulemba yekha pa tsamba lake, pomwe chiwerengero cha antchito ndi cha kampani, chimakhala pa tsamba la kampaniyo. Pa akaunti yaulere zinthu ziwirizi zili m'zipinda zosiyana. Kuziphatikiza nthawi imodzi kumatheka pa gawo lolipira lotchedwa Sales Navigator, pomwe pali Current job title ndi Company headcount pamalo amodzi. Gawoli amalipiritsa mwezi ndi mwezi, ndipo kwa telala wa ku Limbe ndalama yake ndi yolemera.

Ndiye ife tinasefa kawiri, monga amachitira mayi akafuna ufa wosalala. Poyamba tinasaka makampani. M'kabokosi kofufuzira tinalemba dzina la mtundu wa ntchito, n'kusankha Companies m'malo mwa People. Kumeneko chosefera cha Company size chilipo kwaulere. Tinachonga 51-200, pa Locations tinaika Malawi, ndipo pa Industry tinayamba ndi Construction, chifukwa omanga ndiwo amang'amba maovolosi msanga. Titamaliza tinabwereza ndi makampani a zamtengatenga komanso a zaulonda. Alamuwo anatenga kope n'kumalemba dzina lililonse lomwe akuona kuti n'lotheka, ndipo podzafika usiku anali ndi makampani 24.

Kusefa kwachiwiri kunali kwa anthu. Tinabwerera ku People, pa Current company tinalowetsa mayina a makampani aja, poti pamalola kuika angapo nthawi imodzi, ndipo pa Title tinalemba Procurement. Panatuluka anthu ochepa kwambiri, moti alamuwo anagwa mphwayi, nati mwina makampaniwa sagula chilichonse. Zoona zake n'zakuti tinasaka ndi dzina la udindo lomwe limapezeka kwambiri m'makampani akuluakulu. Kampani ya anthu masauzande imakhala ndi dipatimenti yonse yogula katundu, yokhala ndi bwana wake ndi omuthandiza. Ya anthu 70 kawirikawiri ilibe. Wogula mayunifomu kumeneko amakhala yemweyo woyang'anira za antchito, kapena woyendetsa ofesi, nthawi zina wosunga sitolo. Mukatsika kufika pa ya anthu 15, wogula ndi mwini wake. Choncho kukula kwa kampani kumakuuzani dzina la udindo loti mulisake, ndipo ndi chifukwa chake ndimalimbikira kuti munthu ayambe wasankha kukula asanaganize za udindo.

Titazindikira zimenezi tinafufuta za pa Title n'kulemba m'kabokosi kakakulu motere, makampani aja akadali osankhidwa:

```
("procurement officer" OR "administration officer" OR "human resources") NOT intern
```

Kalembedweka kali ndi malamulo ake ochepa. Mawu omwe ali m'kati mwa timikodolero tiwiri amasakidwa pamodzi monga momwe alembedwera. OR amatanthauza kuti limodzi mwa mayinawa likwanira, NOT amachotsa, ndipo pano tinachotsa ana a sukulu omwe akungophunzira ntchito. Mawu amenewa, pamodzi ndi AND, ayenera kulembedwa m'zilembo zazikulu, apo ayi makinawo amawatenga ngati mawu wamba. Dziwaninso kuti kabokosi kakakuluka sikayang'ana udindo wokha, kamasaka paliponse pa tsamba la munthu. N'chifukwa chake mutha kuona wowerengera ndalama atatuluka nawo, kamba koti kale anagwirako ntchito yogula katundu. Kabokosi ka Title n'kolunjika kuposa apo, kungoti ndi bwino kukapatsa udindo umodzi pa nthawi.

Tinapeza anthu 31. Alamuwo anafuna kuyamba kuwalembera usiku womwewo, koma ndinawaletsa, chifukwa ntchito yeniyeni inali isanayambe. Zonse za pa LinkedIn amalemba ndi anthu eni ake, ndipo palibe amene amayenda m'maofesi kukaona ngati n'zoona. Gulu la 51-200 lija amalisankha ndi munthu amene amayang'anira tsamba la kampaniyo. Mwina analisankha zaka 6 zapitazo kampani ili pachimake, mwinanso anakweza dala kuti aoneke akuluakulu. Njira yoyesera ilipo. Pa tsamba la kampani, mukatsegula About, mumaona gululo komanso nambala ya anthu omwe analemba okha kuti amagwira ntchito kumeneko. Ziwirizi sizifanana, ndipo pamafunika nzeru poziwerenga. Kampani yomanga ya antchito 120 ikhoza kuonetsa anthu 9 okha, chifukwa omanga njerwa ndi oyendetsa mathirakitala sakhala pa LinkedIn, ndipo amenewo ndi omwe amavala maovolosi. Kuchepako sikoopsa pa kampani yotere. Koma kampani ya zamakompyuta yonena kuti ili ndi anthu 200 n'kuonetsa atatu, pamenepo muyenera kukayika.

Pali vuto lina lomwe limatikhudza kwambiri kuno, la makampani akunja omwe ali ndi nthambi m'dziko muno. Nthambi ya ku Blantyre ikhoza kukhala ndi antchito 80, oyenerana ndendende ndi alamu anga, koma ngati ilibe tsamba lakelake, antchitowo amawerengedwa pansi pa likulu lomwe lili ndi anthu masauzande padziko lonse. Chosefera cha 51-200 chimaidumpha. Nthambi zotere tinazipeza mwa njira ina: kusaka anthu a udindo womwewo ndi Locations yokha, osaikapo kampani, n'kumayang'ana m'modzim'modzi. Njira yomweyi inatithandizanso kupeza anthu omwe kampani yawo ilibe tsamba n'komwe. Amenewa mumawazindikira poona kuti pambali pa dzina la kampani palibe chizindikiro chake, pali kachithunzi kotuwa chabe, ndipo kampani yotere ilibe kukula kulikonse komwe makina angasefe.

Ngakhale olipira Sales Navigator sapulumuka pa zonsezi. Munthu m'modzi akhoza kukhala ndi maudindo awiri omwe onse analemba kuti akadali nawo, mwachitsanzo woyang'anira za antchito pa banki yayikulu amenenso ali m'bodi ya kabungwe kakang'ono. Zosefera zikhoza kutenga udindo wa ku banki ndi kukula kwa kabungweko n'kumutulutsa ngati woyenera. Simungadziwe pokhapokha mutatsegula tsamba lake n'kuwerenga pa Experience.

Ife tinatsegula onse 31. Ena anali atachoka pa ntchito kalekale koma osasintha zolemba zawo, ndipo tinawaganizira poona kuti kampani yomweyo ili ndi munthu wina wa udindo womwewo amene anayamba posachedwa. Tikamatsegula masambawo ndinawauza alamuwo kuti mwini tsamba amatha kuona kuti mwamuyendera, pokhapokha mutasintha pa Profile viewing options kuti musadziwike. Iwo anasankha kuonekera, nati munthu wogulitsa sabisa nkhope, ndipo ndinagwirizana nawo, bola tsamba lawo likhale ndi chithunzi chabwino ndi mawu omveka a zomwe amasoka. Ndinawachenjezanso kuti akaunti yaulere ili ndi malire a kusaka pa mwezi. Mukasaka kwambiri, LinkedIn imaona kuti mukuchita malonda ndipo imakuchepetserani zotuluka mpaka tsiku loyamba la mwezi wotsatira. N'chifukwa chake kope lija linali lofunika, kuti tisamasake chinthu chimodzi kawiri.

Pa anthu 31 tinatsala ndi 17. Pa amenewa tinayang'ana kanambala komwe kali pambali pa dzina. 1st ndi munthu amene mwalumikizana naye kale, 2nd ndi amene muli ndi mnzanu m'modzi kapena angapo pakati panu, 3rd ndi wakutali. Anayi anali a 2nd pa akaunti yanga, ndipo pa m'modzi mwa iwo wotilumikiza anali mnzanga amene tinaphunzira limodzi kusekondale. Ndinamuimbira foni m'mawa mwake kumupempha kuti awadziwitse alamuwo kwa mayi amene amayang'anira za antchito pa kampani yomangayo. Mayiwo anawauza kuti afike Lachinayi 10 koloko ndi zitsanzo ziwiri, ya buluu ndi ya olenji, komanso mitengo ya maovolosi 60.