Laputopu ya amalume itakana pasiwedi yolondola

Amalume anga amagulitsa zipangizo zomangira, ndipo maoda ambiri amabwera pa Gmail. Tsiku lina ndinawatsegulira chitetezo cha magawo awiri, chija chimalembedwa kuti 2-Step Verification. Chikakhala chotsegula, pasiwedi yokha sikwanira: pamafunikanso nambala yomwe imabwera pa foni. Ndinachoka ndikudzitama. Kutacha m'mawa foni inalira.

“Iwe, wandipangira chiyani? Maimelo sakulowa, ndiye pali kasitomala akudikira mitengo lero lomwe.”

Nditafika ndinapeza pulogalamu yawo yakale yowerengera maimelo ikungofunsa pasiwedi mobwerezabwereza. Amalume anali atailemba kasanu, bwinobwino ndithu. Ndinatsegula bulawuza n'kulowa mu Gmail ndi pasiwedi yomweyo, nambala inabwera pa foni, zonse zinatheka. Apa m'pomwe panali chizindikiro: ngati pa bulawuza mukulowa koma pulogalamu ikukana, pasiwedi ilibe mlandu.

Vuto lagona pa mmene pulogalamu yakale imalankhulira ndi seva. Imatenga maimelo kudzera mu njira yotchedwa IMAP n'kumatumiza kudzera mu SMTP, ndipo polowa imangopereka zinthu ziwiri, adiresi ndi pasiwedi. Ilibe kabokosi kachitatu kolembamo nambala ya pa foni. Seva ikaona pasiwedi yopanda gawo lachiwiri imakana, pulogalamuyo n'kumaganiza kuti mwalakwitsa kulemba. Mapulogalamu atsopano savutika chonchi chifukwa amagwiritsa ntchito OAuth: amakutsegulirani tsamba la Google lenilenilo, mumalemba zonse pamenepo, kenako Google imapatsa pulogalamuyo chilolezo popanda kuionetsa pasiwedi yanu.

Amalume anati tingochotsa chitetezocho. Ndinawauza kuti sizingathandize, chifukwa kuyambira pa 30 Meyi 2022 Google inasiya kulola mapulogalamu otere kulowa m'maakaunti wamba ndi pasiwedi yokha. Yawoyo inali ikugwira ntchito pa adiresi ina yakale yomwe imakokera makalata ku Gmail, ndipo tsiku lomwelo ndinawalumikizira mwachindunji. Njira yotsala inali pasiwedi yapadera ya pulogalamu imodzi.

Ndinapita pa `myaccount.google.com/apppasswords`, tsamba la App passwords, lomwe limagwira ntchito pokhapokha 2-Step Verification ili yotsegula. Ndinalemba dzina loti tizikumbukira, “laputopu ya kushopu”, ndipo panatuluka zilembo 16 m'magulu anayi a zilembo zinayizinayi. Zimaoneka kamodzi kokha, mukatseka basi zapita. Ndinazilemba mu pulogalamu ija pamalo a pasiwedi, popanda mipata, mbali ziwiri zonse:

```
imap.gmail.com   993   SSL/TLS
smtp.gmail.com   465   SSL/TLS
```

Mzere woyamba ndi wolandirira, wachiwiri wotumizira. Ambiri amasintha woyamba wokha, ndiye amadabwa kuti maimelo akulowa koma awo sakutuluka. Ifeyo titasintha yonse iwiri, mitengo ija inapita isanakwane 12 koloko.

Mwina mukufunsa kuti, nanga wakuba sangangolota zilembozo? Tiyeni tiwerenge. Malo aliwonse mwa 16 atha kukhala chilembo chimodzi mwa 26, choncho njira zonse ndi 26^16, nambala ya manambala 23. Ngakhale makina oyesa kokwana biliyoni imodzi pa sekondi angatenge zaka zoposa miliyoni kuti amalize. Kulota si vuto ayi.

Choopsa chili pena. Pasiwedi imeneyi inapangidwa kuti izidumpha gawo lachiwiri, ndiye aliyense amene waipeza amawerenga maimelo anu foni yanu osalira n'komwe. Dzina lija ndinalemba ndi chikumbutso chabe, silimangirira pasiwediyo ku laputopu imodzi. Komanso pulogalamu imaisunga m'kompyuta momwemo. Zili ngati kiyi wa khomo la kuseri amene mwabwereka munthu: alonda a kugeti samufunsa kanthu.

N'chifukwa chake chipangizo chilichonse chizikhala ndi yakeyake, ndipo musamaitumize pa WhatsApp kapena kuijambula. Laputopu ya amalume itapita kokakonzetsa, tinabwerera pa tsamba lija n'kufufuta “laputopu ya kushopu”. Kuyambira pamenepo sinathenso kukoka makalata atsopano, ngakhale akale omwe inakopera kale anatsala momwemo. Itabwerako tinapanga ina.

Zinthu ziwiri zikhoza kukusokonezani. Mukasintha pasiwedi yaikulu ya Google, mapasiwedi apadera onse amafa nthawi yomweyo, ndipo pulogalamu imayambanso kufunsa ngati poyamba paja. Chachiwiri, ngati akaunti ndi ya kusukulu kapena kuntchito, tsambalo likhoza kukana chifukwa woyang'anira maakaunti analitseka, ndiye kafunseni iyeyo.

Musanapange pasiwedi yapadera, yang'anani kaye m'pulogalamu yanu ngati muli OAuth2 kapena Sign in with Google. Thunderbird ili nayo, ndipo ndi yaulere. Amalume ndawauza kangapo kuti asamukire kumeneko, koma iwo akuti anazolowera mabatani a yakaleyo.